Mayankho a mafunso odzaza mipata amabisala kunja kwa mpatawo

Funso: "Chichewa ndimayankhula tsiku ndi tsiku, koma pa mafunso a malamulo a chiyankhulo oti tidzaze mipata ndimapeza mamalikisi ochepa. Ndikalemba yankho limamveka bwinobwino, koma aphunzitsi amalidula. Vuto limakula pa nthawi za aneni, pa kusintha tsinde lomwe laikidwa m'mabulaketi, ndi pa timawu ngati ku, kwa, pa ndi mu. Ndingadziwe bwanji kuti yankho lofunika ndi liti?"

Yankho:

Khutu lanu silikukunamizani, kungoti mukulifunsa msanga. Anthu ambiri amawerenga chiganizo kuchokera kumanzere, akafika pa mpata amaikapo mawu oyamba kubwera m'mutu, kenaka n'kupitirira. Mawu amenewo amagwirizana ndi zomwe zili kumbuyo kwa mpata, n'chifukwa chake amamveka bwino. Koma wolemba funso amafuna kuti yankho likhale limodzi, ndiye amaika penapake m'chiganizomo mawu okana mayankho ena onse. Mawu amenewa ine ndimawatcha mboni, ndipo nthawi zambiri mboniyo imakhala kutsogolo kwa mpata, mwina kumapeto kwenikweni kwa chiganizo, mwinanso m'chiganizo chotsatira. Ntchito yanu pa funso lililonse ndi kupeza mboniyo musanalembe kanthu. Werengani mpaka pampumiro, pa mpatapo muzingoti "chakuti", ndiye dzifunseni kuti ndi mawu ati pano amene akulamula zolowa mu mpatamu. Mukawapeza ajambuleni mzere kunsi ndi pensulo. Ngati simungathe kuloza mawu amene akuchititsani kusankha yankho lanu, ndiye kuti mwangolota.

Tiyambe ndi nthawi za aneni, poti ndi pomwe mamalikisi ambiri amatayikira. Mboni yosavuta ndi mawu otchula nthawi. "Dzulo", "chaka chatha" ndi "kalekale" amafuna -na- kapena -da-. "Mawa" ndi "chaka chamawa" amafuna -dza-. "Panopa" amafuna -ku-, ndipo "tsiku lililonse" amafuna -ma-. Izi aliyense amazidziwa, ndipo olemba mafunso amadziwanso kuti mukuzidziwa, choncho mafunso otere amakhala ochepa. Ovuta ndi amene mboni yake ndi mneni wina wa m'chiganizo chomwecho. Taonani ziganizo zinayi izi, zonse zokhala ndi mpata ndi tsinde limodzi:

Mlendo ______ (fika), tidzamupatsa madzi.
Mlendo ______ (fika), tinamupatsa madzi.
Mlendo ______ (fika), tikanamupatsa madzi.
Mlendo ______ (fika), tinali titakonza kale chipinda chake.

Kumanzere kwa mpata kulibe chokuthandizani, mawu ndi amodzi omwewo, "mlendo". Chonse chili kumanja. M'chiganizo choyamba mneni wachiwiri ali ndi -dza-, kufikako sikunachitike, ndiye yankho ndi "akafika". M'chachiwiri zonse zinachitika kale ndipo kufika kunayamba, kupereka madzi kunatsatira, ndiye ndi "atafika". M'chachitatu -kana- akutiuza kuti madziwo sanaperekedwe chifukwa mlendoyo sanabwere, ndipo mneni wa mu mpata ayenera kutenga -kana- yemweyo: "akanafika". M'chachinayi mawu oti "kale" ndi "titakonza" akusonyeza kuti kukonza kunatsogola, choncho "asanafike" ndiye yankho lokhala bwino. Muone kuti pa "asanafike" lembo lomaliza lasintha kuchoka pa a kupita pa e. Wolemba "asanafika" amakhala wapeza nthawi yolondola koma n'kutaya malikisi pa lembo limodzi. Kusintha komweku kumachitika pambuyo pa "kuti" wosonyeza cholinga, monga "anamuitana kuti adye", ndiponso polamula pamene mneni watenga kaphatikizo koimira chinthu kapena munthu: timati "tenga" koma "chitenge", "patsa" koma "mupatse".

Pa -ta- wa mu "atafika" pali kachenjezo. Sikuti nthawi zonse amanena za kale. Mu "Mutandibwereka njinga ndingakondwe" palibe chomwe chachitika, ndi chokhumba chabe, ndipo mboni yake ndi -nga- wa mu "ndingakondwe". Ndiye musaloweze pamtima kuti -ta- ndi wa nthawi yakale basi. Lowezani kuti mneni wachiwiri ndiye amene amasankha.

Kaphatikizo kamene kamasokoneza kwambiri polemba ndi -ma-. Tikamayankhula, "amaphika" wonena za chizolowezi cha masiku ano ndi "amaphika" wonena zomwe zinkachitika kale amasiyana ndi kakwezedwe ka mawu, ndipo khutu limamva kusiyanako popanda vuto. Papepala kakwezedweko sitikalemba, ndiye awiriwa amaoneka chimodzimodzi. Mukakumana ndi chiganizo ngati "Tili ana, agogo ______ (fotokoza) nthano usiku uliwonse", mboni ndi ziwiri ndipo zikukokerana: "usiku uliwonse" akufuna chizolowezi, "tili ana" akufuna nthawi yakale. Kaphatikizo konyamula zonse ziwiri mosakayikitsa ndi -nka-, ndiye lembani "ankafotokoza". Mukalemba "amafotokoza", m'mutu mwanu mukumva kakwezedwe ka nthawi yakale, koma wochonga akuona nthawi yatsopano, ndipo adula. Ndikuganiza kuti mayankho ambiri amene mukuti amamveka bwino koma amadulidwa ndi a mtundu umenewu.

China ndi aneni onena za momwe chinthu chilili, monga topa, kwiya, khuta, tha, uma, psa ndi kalamba. Ndi aneni amenewa, mawu oti "panopa" sakutanthauza kuti muike -ku-. Pa chiganizo choti "Musamutume, mwanayu ______ (topa) kwambiri panopa", yankho ndi "watopa". "Akutopa" ndi munthu amene kutopako kukumuyamba kumene, pomwe chiganizochi chikunena za munthu amene kutopa kwamugwira kale ndipo akadali nako. Nthawi imeneyi, ya zomwe zachitika ndipo zotsatira zake zilipobe, ili ndi msampha wakenso pa mgwirizano. Dzina la munthu mmodzi limatenga a- m'nthawi zina zonse, "mwana akugona", "mwana anagona", koma pano limatenga wa-: "mwana wagona". Mukalemba "mwana agona" mwasamukira ku zomwe zichitike posachedwa. Mayina ena nawonso amatsata gulu lawo: mtengo wagwa, mitengo yagwa, dzira lasweka, mazira asweka, chingwe chaduka, kamwana kagona. Choncho mpata umodzi wa mneni umakhala ndi mafunso awiri mkati mwake, la mwininkhani ndi la nthawi, ndipo lililonse lili ndi mboni yakeyake. Chenjerani pamene pakati pa mwininkhani ndi mpata palowa dzina lina. Mu "Gulu la ana ______ (fika) kale" dzina loyandikana ndi mpata ndi "ana", koma mwininkhani ndi "gulu", ndiye ndi "lafika".

Za -zi- ndi -dzi- ndingonena mwachidule. Woyamba amanena zoyenera kuchitika mobwerezabwereza, "muzimwa mankhwalawa katatu pa tsiku". Wachiwiri amabweza ntchito kwa mwini wake, "wadzicheka ndi mpeni". Anthu ambiri amawatchula mofanana, koma polemba d mmodziyo amasintha tanthauzo.

Tsopano tibwere ku mipata yofuna kusintha tsinde lenilenilo. Apa mboni si mawu a nthawi ayi, koma mayina ozungulira mneniyo. Awerengeni, ndipo pa lililonse funsani kuti likugwira ntchito yanji. Mneni "lemba" mwachibadwa amayenda ndi mayina awiri, wolemba ndi cholembedwa: "Mphunzitsi analemba kalata." Mukaona dzina lachitatu litaima popanda mperekezi aliyense, monga "Mphunzitsi ______ (lemba) makolo kalata dzulo", dziwani kuti tsinde liyenera kukula kuti linyamule dzina loonjezeralo. Makolo ndi olandira, ndiye "analembera". Chikhala kuti dzina lachitatulo ndi la amene akugwira cholembera, monga "Mphunzitsi ______ (lemba) ophunzira mayeso dzulo", yankho likanakhala "analembetsa", chifukwa mphunzitsi ndi wochititsa chabe. Kapangidwe ka ziganizo ziwirizi ndi kofanana ndendende, chosiyanitsa ndi funso loti ndani akulembadi. Mayina opanda mperekezi akachepa m'malo mochuluka, ndipo cholembedwa chabwera kumayambiriro kwa chiganizo, "Kalata ______ (lemba) ndi mphunzitsi dzulo", ndiye kuti tafika pa msintho wochitidwa: "inalembedwa".

Pamenepa ambiri amasokoneza "mbale yaswedwa" ndi "mbale yasweka". Onse awiri amaika mbale kumayambiriro, koma woyamba amasunga malo a munthu amene waswa, wachiwiri amangonena momwe mbaleyo ilili osaganizira za munthu. Ndiye m'chiganizo mukakhala "ndi mwana" kapena "mwadala", lembani "yaswedwa". Mukakhala "yokha", lembani "yasweka". "Mbale yasweka mwadala" ndi chiganizo chodzitsutsa, poti dala limafuna wochita ndipo -ek- wamuchotsa kale. Aneni othera ndi -ula ali ndi njira yawoyawo: timati tsegula ndi tseguka, masula ndi masuka, gumula ndi gumuka, dula ndi duka.

Mukadziwa msintho wofunika, kalembedwe kake kamatsata lembo la liwu lomaliza la m'tsinde, osawerengera a wa kumapeto. Tsinde lokhala ndi a, i kapena u limatenga i: manga, mangira, mangitsa, mangidwa, gula, gulira, gulitsa, gulidwa. Tsinde lokhala ndi e kapena o limatenga e: lemba, lembera, soka, sokera, soketsa, sokedwa. Aneni a phatikizo limodzi, monga dya, mwa, pha, ba ndi gwa, amapita ku e: dyera, mwetsa, phedwa, bedwa, gwetsa. Aneni aafupi omwewa amachitanso zachilendo mukamawasandutsa afotokozi. Kwa aneni ena onse -a ndi ku- zimaphatikizana n'kukhala o, n'chifukwa chake timati "madzi osamba" ndi "munthu wogulitsa". Kwa aafupiwa ku- satha: "madzi akumwa", "munthu wakuba", "zipatso zakupsa". Olemba mafunso amawakonda aneni amenewa chifukwa lamulo lomwe wophunzira waloweza limagwa pa iwo, ndiye ndi bwino kukhala ndi mndandanda wawo kumapeto kwa kope lanu.

Aperekezi ndi timawu tating'ono koma mboni zawo ndi zooneka bwino kuposa za aneni. Kusiyana kwa ku ndi kwa kumadalira dzina lotsatira: malo amatenga ku, munthu amatenga kwa. Timapita ku chipatala koma kwa dokotala, ku sukulu koma kwa mphunzitsi. Pakati pa pa, ku ndi mu, tanthauzo lokha nthawi zina silithetsa mlandu, chifukwa "pa nyumba", "ku nyumba" ndi "m'nyumba" zonse ndi Chichewa chabwino. Chothetsa mlandu ndi mgwirizano womwe uli kutsogolo, poti atatuwa amalamula mneni ndi mawu ena monga momwe gulu la dzina limachitira. "______ nyumba pali alendo" ndi pa. "______ nyumba kuli alendo" ndi ku. "______ nyumba muli alendo" ndi mu, yemwe pano alembedwa m'. Mboni ikhozanso kukhala pomwe, komwe kapena momwe, ikhoza kukhala kamchira ka -po, -ko kapena -mo monga mu "anakhalapo", "anapitako", "analowamo". Musanaganize za tanthauzo, yang'anani kaye ngati kutsogoloko kuli p, k kapena m wotere. Pa nthawi, tsiku la mwezi limatenga pa, "pa 5 Januwale", pomwe mwezi ndi chaka zimatenga mu, "mu Januwale", "m'chaka cha 2020".

Komanso mperekezi ndi mneni amagawana ntchito imodzi, ndiye wina akaigwira mnzake safunikanso. "Pereka" amafuna kwa: "Anapereka buku kwa mwana." "Patsa" wanyamula kale wolandirayo mkati mwake: "Anapatsa mwana buku." Chimodzimodzi "anatumiza kalata kwa amayi ake" ndi "anatumizira amayi ake kalata". Choncho mpata ukakhala pa mneni, onani ngati kwa alipo. Akakhalapo siyani tsinde momwe lilili, akapanda kukhalapo likulitseni ndi -ir- kapena -er-. Kulemba zonse ziwiri, "anapatsa buku kwa mwana", ndi cholakwa chofala kwambiri pa mafunso amenewa.

Tiyeni tione zonsezi zikugwira ntchito pamodzi m'ndime imodzi, yofanana ndi zomwe mumakumana nazo:

"Chaka chatha mlimi wina (1) ______ (gula) mbuzi ziwiri. Usiku uliwonse (2) ______ (manga) mbuzizo pamtengo wa kuseri kwa nyumba yake. Tsiku lina, iye (3) ______ (dzuka), chingwe (4) ______ (dula) chokha ndipo mbuzi zinalowa (5) ______ munda wa mnzake momwe munali nyemba. M'mawa mwake anapita (6) ______ mwini munda kuti (7) ______ (pepesa). Mwini mundayo anati, 'Mukanamanga bwino, nyemba zanga (8) ______ (dya).'"

Werengani ndime yonse kaye cholembera chili pansi. Mukatero muona kuti nkhani yonse ndi yakale, ndipo aneni omwe aperekedwa kale, "zinalowa", "anapita", "anati", akugwiritsa ntchito -na-. Zimenezi zikuthetsa mpata woyamba. "Adagula" si cholakwa, mabuku ambiri amakonda -da- pa zakale, koma poti wolemba ndimeyi wasankha -na-, mutsateni ndi kulemba "anagula". Mpata wachiwiri uli ndi mboni ziwiri ngati za agogo aja: "usiku uliwonse" ali pompo, koma nthawi yakale ikuchokera ku chiganizo choyamba. Wowerenga chiganizo chachiwiri pachokha alemba "amamanga". Yankho ndi "ankamanga".

Mpata wachitatu ndiwo wovuta kuposa yonse. "Atadzuka" ndi "asanadzuke" onse akulowa bwino m'chiganizocho, ndipo khutu lingavomereze aliyense. Mboni ili m'chiganizo chotsatira, pa "m'mawa mwake". Mawuwa akutiuza kuti kudukako kunachitika usiku, nthawi yomwe mbuzi zinkakhala zomangidwa, ndipo mlimiyo anachitapo kanthu kutacha. Akanakhala atadzuka kale akanazigwira mbuzizo zisanafike kumunda. Ndiye ndi "asanadzuke", ndi e kumapeto. Mpata wachinayi uli ndi mafunso atatu: "chingwe" chikupereka chi-, nkhaniyo ikupereka -na-, ndipo "chokha" akuchotsa wodula aliyense. Zikaphatikizana zikupanga "chinaduka". Wolemba "chinadulidwa" wapeza ziwiri mwa zitatu, koma pa mafunso amenewa malikisi sagawidwa.

Mpata wachisanu ambiri aika ku, chifukwa "kumunda" ndi mawu ozolowereka pakamwa. Koma kutsogolo kuli "momwe munali", ndipo mneni "lowa" nayenso akuloza mkati, ndiye ndi m'. Wachisanu ndi chimodzi uli ndi msampha wochenjera: mawu oti "munda" akuoneka pafupi ndipo akukokera ku ku, koma dzina lotsatira mpata ndi "mwini", yemwe ndi munthu, choncho kwa. Wachisanu ndi chiwiri uli pambuyo pa "kuti" wa cholinga, ndiye uthera ndi e. "Apepese" akulowa, koma "anapita" akusonyeza kuti kupepesako kukachitikira kwina, ndipo kaphatikizo konyamula ulendo wochoka pano ndi -ka-: "akapepese". Chikhala kuti ndimeyo inati "anabwera", tikanalemba "adzapepese". Muone kuti -ka- ndi -dza- apa sakunena za nthawi konse, akunena za kupita ndi kubwera.

Mpata womaliza ukufuna zinthu zinayi m'mawu amodzi. "Mukanamanga" akupereka -kana-. "Nyemba zanga" zikupereka zi-. Nyemba sizidya, zimadyedwa, ndiye msintho wochitidwa, ndipo poti "dya" ndi wa phatikizo limodzi ndi -edwa. Chachinayi sichinalembedwe paliponse, chili m'tanthauzo: kumanga bwino kukanapulumutsa nyemba, choncho mneniyo ayenera kukana. Yankho ndi "sizikanadyedwa". Kuiwala si- wokana kumachitika kawirikawiri chifukwa maso amakhala ali pa timaphatikizo tina, ndipo njira yokha yogwirira cholakwa chimenechi ndi kuwerenganso chiganizo chonse yankho lili mkati, n'kufunsa ngati mwini munda angayankhule zimenezo.

Si nthawi zonse pamene vuto limakhala lanu. Funso ngati "Ana ______ (sewera) pabwalo" lilibe mboni iliyonse. Akusewera, amasewera, anasewera, adzasewera, onsewa ndi olondola, ndipo funsolo ndi lomwe lalembedwa moperewera. Mukakumana nalo, yang'anani malangizo a pamwamba pa gawolo, chifukwa mwina nthawi yofunika yatchulidwa pamenepo, kenaka onani chitsanzo choyankhidwa kale ngati chilipo, ndiponso mutu womwe ntchitoyo yachokera. Ngati mwapatsidwa mndandanda wa mawu oti musankhemo, yambani ndi mipata yomwe mboni yake ndi yoonekeratu, muzidula mawu omwe mwagwiritsa ntchito, ndipo mpata wopanda mboniwo muusiye komaliza kuti otsalawo akusankhireni. Yankho lanu likadulidwa pa funso lotere muli ndi ufulu wofunsa aphunzitsi mwaulemu kuti akulozereni mawu amene akukana yankho lanulo.

Kope likabwerako kochongedwa, musangokopera yankho lolondola pambali pa lolakwa. Pa mpata uliwonse womwe mwalakwa lembani mboni yomwe munaiphonya, ndipo pambali pake ikani chilembo chosonyeza mtundu wa cholakwacho: N pa nthawi, G pa mgwirizano wa gulu la dzina, S pa msintho, P pa mperekezi, L pa lembo lomaliza. Mukasonkhanitsa mipata yolakwa 20 kapena 30, werengani zilembozo. Kawirikawiri chimodzi kapena ziwiri zimachuluka kuposa zina, ndipo pamenepo ndi pomwe muyenera kuthera nthawi yanu. Zikachuluka za N, tengani ndime iliyonse yolembedwa bwino, phimbani aneni ake ndi kapepala, ndipo pa mneni aliyense tchulani mboni musanatchule yankho.